Ejenti ikayamba kuzungulirazungulira: fyuzi, bajeti, pulani kapena munthu, chogwira ndi chiti?

Mnzanga wina ali ndi shopu yogulitsa zipangizo zomangira, makasitomala ake ambiri amatenga katundu pa invoisi kenako nkudzalipira pafoni. Ntchito yofananiza kuti ndalama yalowayi ndi ya invoisi iti inkamudyera madzulo onse, nde ndinamupangira ejenti yaing'ono ya AI, ya zida zinayi basi: `list_payments`, `find_invoice`, `mark_paid` ndi `create_invoice`. Chomalizachi ndinangoyikapo poganiza kuti mwina chidzafunika, ndipo ndi chomwe chinadzatipweteka. Ndifotokoza zomwe zinachitika tsiku lina la malipiro 12, chifukwa njira zonse zoletsera ejenti zomwe anthu amakangana nazo ndinaziyesa pa nkhani imeneyi, ndipo sizifanana mphamvu ngakhale pang'ono.

Poyamba timvane kuti ejenti ndi chani kwenikweni, poti dzinali limaopsa kuposa chinthucho. Ndi lupu. Mumatumiza ntchito ndi mndandanda wa zida kwa modelo, modelo imayankha kuti ndiyitanireni chida chakuti ndi mfundo zakuti, khodi yanu imayendetsa chidacho, zotsatira mumaziphatika kumapeto kwa zokambirana, nkutumizanso zonse kwa modelo. Kachitidwe koganiza kaye kenako nkuchita, nkuona zotsatira, nkuganizanso, kanatchuka ndi pepala la ReAct la mu 2022, ndipo mu 2023 AutoGPT itatuluka anthu ambiri anaona ndi maso awo kuti chinthuchi chimatha kumangozungulira pamalo amodzi ngati nkhuku yodulidwa mutu. Pa API ya Anthropic, modelo ikafuna chida `stop_reason` imabwera `tool_use`, ikaona kuti yamaliza imabwera `end_turn`. Kwa OpenAI ndi `finish_reason` ya `tool_calls` kapena `stop`. Apa ndi pamene pagona nkhani: mu lupu wamba, woweruza kuti ntchito yatha ndi modelo yomweyo. Imayima ikangosiya kupempha zida. Kaya ntchito yathadi kaya ayi, lupu siyidziwa.

Tsono tsiku lija. Ntchito ikayenda bwino masitepe amakhala 26: imodzi yotenga mndandanda, ziwiri pa malipiro aliwonse, kusaka invoisi ndi kuyichonga kuti yalipidwa, kenako imodzi yolemba lipoti. Malipiro asanu ndi atatu oyamba anadutsa myaa, kufika sitepe 17. Pa sitepe 18 inasaka invoisi ya malipiro achisanu ndi chinayi pogwiritsa nambala ya foni, chida chinabweza `[]`, kutanthauza palibe. Chomwe chinalipo nchoti nambala ya kasitomalayo mu buku la mainvoisi inalembedwa yoyamba ndi 0 komanso ndi mipata pakati, pomwe ya m'malipiro inayamba ndi +265 yopanda mipata, ndipo chida changa chimafuna zilembo zifanane ndendende. Ejenti sinali yopusa ayi, inayesa ndi 265 wopanda mtanda, inayesa ndi 0, koma za mipata sizinabwere m'mutu mwake. Inayesa dzina, koma invoisi inali m'dzina la bizinesi pomwe wolipira anali munthu. Inayesa kuchuluka kwa ndalama, kunabwera mainvoisi 14 a mtengo womwewo, poti matumba a simenti anthu amagula mofanana. Inabwerera ku `list_payments` kanayi konse ngati munthu wotaya kiyi amene akupisa thumba lomwelo. Pa sitepe 41 inapeza nzeru: inapanga invoisi yatsopano, pa 42 nkuyichonga kuti yalipidwa, inamaliza otsalawo, ndipo pa 49 inalemba lipoti losangalala kuti malipiro onse 12 afananizidwa. Invoisi yeniyeni inatsala ngati ngongole, m'mawa mwake kasitomala woti walipira kale analandira uthenga womukumbutsa ngongole, nde mungoganiza mmene anayimbira foni.

Mukayang'ana logi imeneyi bwino muona kuti kusochera kunachokera mbali zitatu. Chida chinayankha mopanda tanthauzo, `[]` sakuuza ngati invoisi kulibe kapena wasaka molakwika. Ntchito ndinayilemba kuti fananiza malipiro onse, osapereka khomo lotulukira ngati zakanika, ndiye modelo yophunzitsidwa kumaliza zomwe yapatsidwa inafunafuna njira iliyonse yoti mawu oti onse akwaniritsidwe. Chachitatu, zokambirana zikamatalika zimadzaza ndi zoyesa zolephera, ndipo modelo ikaona mizere khumi ya kusaka kofanana imakonda kupitiriza kalembedwe komweko, malangizo a poyamba aja ali kutali kumtunda.

Njira yoyamba yomwe aliyense amathamangira ndi kulemba mu pulompti, malangizo omwe mumapatsa modelo, kuti usabwereze zomwe wayesa kale, ukalephera usiye. Ndinayesa. Imathandiza pang'ono, siyidya ndalama, koma ndi pempho chabe osati mpanda, tsiku lina imvera tsiku lina ayi. Lembani ndithu, koma musagonerepo.

Yachiwiri ndi malire a masitepe, ndipo pafupifupi laibulale iliyonse ili nawo. `AgentExecutor` ya LangChain ili ndi `max_iterations` yomwe mukapanda kuyisintha imakhala 15, Agents SDK ya OpenAI ili ndi `max_turns` ya 10 ndipo ikadutsa imaponya `MaxTurnsExceeded`, LangGraph ili ndi `recursion_limit` yomwe ikakwana mumalandira `GraphRecursionError`. Ine ndimayitenga ngati fyuzi ya magetsi, siyikonza waya wolakwika koma imaletsa nyumba kupsa. Vuto lake nlakuti siyisiyanitsa ejenti yolimbikira ndi yosochera. Pa ntchito yanga, malire a 10 kapena 15 akanadula tsiku labwinobwino la masitepe 26 lisanathe. Nditayika 50 kuti masiku a malipiro ambiri azikwanira, tsiku loyipa lija la masitepe 49 likanadutsa pansi pa fyuzi osayigunda. Ndipo pali chinanso chomwe anthu saganizira, fyuzi imadula paliponse. Ikanadula pa sitepe 41, invoisi yabodza ikanakhala itapangidwa kale, yosachongedwa, popanda lipoti lonena kuti yapangidwa. Nde ngati mukuyika malire amenewa, nambala yake muyitenge mu malogi a masiku abwino, muone kuti ntchito yathanzi imatenga masitepe angati nkuwonjezerapo pang'ono, osati kungolota. Komanso ikagunda malire, itanani modelo kamodzi komaliza zida zitachotsedwa, ilembe zomwe yachita ndi zomwe zatsala, apo ayi mumatsala ndi uthenga wa cholakwika wopanda mutu.

Yachitatu ndi bajeti ya nthawi ndi ya matokeni, tizidutswa ta mawu tomwe modelo imawerenga ndi kulemba ndipo ndi tomwe mumalipirira, ndipo apa ndichedwapo chifukwa masamu ake amadabwitsa anthu. Modelo siyikumbukira kanthu pakati pa maitanidwe, sitepe iliyonse mumatumizanso zokambirana zonse kuyambira pachiyambi. Tiyerekeze kuti malangizo ndi mafotokozedwe a zida ndi matokeni 2,000, ndipo sitepe iliyonse imawonjezera 500. Sitepe yoyamba mutumiza 2,000, yachiwiri 2,500, yachitatu 3,000, kumangokwera. Mukaphatikiza masitepe 26 mupeza matokeni 214,500. Masitepe 49 ndi 686,000. Masitepe sanafike ngakhale kawiri koma matokeni apitirira katatu, chifukwa masitepe akumapeto ndi omwe amalemera, ndipo ejenti yosochera imakhala nthawi yake yambiri kumapeto kolemerako. Kusunga chiyambi cha pulompti mu kashi kumatsitsa mtengo, eya, koma mawu omwe modelo ikuwerenga amakhalabe omwewo. Kwa ife olipira ma API m'madola pomwe ndalama timapeza m'makwacha, bajeti ndi malire oona mtima kuposa masitepe, poti sitepe imodzi yobweza fayilo yaikulu imatha kudya kuposa masitepe makumi awiri ang'onoang'ono. Chenjezo limodzi, `max_tokens` si bajeti ya ntchito yonse, imangochepetsa kutalika kwa yankho limodzi. Bajeti yeniyeni mumawerenga nokha, kuphatikiza manambala a `usage` omwe amabwera ndi yankho lililonse. Za nthawi nazo, chida chikakakamira kudikira netiweki, malire a masitepe sangakuthandizeni chifukwa sitepeyo siyikutha, pamafunika nthawi yodulira pa chida chilichonse payekha. Koma kunena zoona bajeti ili ndi khungu lomwelo la fyuzi. Imateteza thumba, invoisi yabodza ija siyikanayiona.

Yachinayi ndi kugwira kubwereza. Maganizo ake ndi osavuta, musunge dzina la chida ndi mfundo zake pa kuitana kulikonse, zikafanana katatu muyimitse. Izi zikanagwira `list_payments` ija yobwerezedwa kanayi, koma kusaka kwina konse kunali kosiyana pang'onopang'ono, lero 265 mawa 0 mkuja dzina, nde kwa khodi yoyang'ana kufanana ndendende zimaoneka ngati ntchito yatsopano. Chomwe chinandigwirira bwino ndi kusiya kuyang'ana zomwe ejenti ikuchita nkuyamba kuyeza ngati ntchito ikusuntha. Kwa ine muyeso unali chiwerengero cha malipiro otsala. Kuyambira sitepe 18 mpaka 41 chinali 4, osasuntha.

```python
left = count_unmatched()
stalled = stalled + 1 if left == last_left else 0
last_left = left
if stalled >= 6:
    stop("no progress")
```

Mizere isanu imeneyi ikanayimitsa lupu cha m'ma sitepe 23, invoisi yabodza isanalotedwe nkomwe, ndipo tsiku labwino siyingalidule chifukwa chiwerengero chimatsika masitepe awiri aliwonse. Kufooka kwake nkoti pamafunika chinthu chowerengeka. Pokonza khodi mutha kuwerenga matesiti olephera, pofananiza malipiro otsala, koma ejenti yofufuza nkhani nkulemba lipoti ilibe nambala yoonekeratu yotsika, ndiye kumeneko mumabwereranso ku bajeti.

Yachisanu ndi pulani, ndipo pano pali zinthu ziwiri zomwe anthu amasakaniza. Kwina ndi kuuza modelo ilembe kaye mndandanda wa zochita kenako izitsata nkumachonga. Zimathandiza pa ntchito zazitali chifukwa cholinga chimabwereranso pafupi ndi maso ake, koma pulani yolembedwa isanaone data imangokhala chiyembekezo, pulani ya tsiku lija ikanati saka invoisi, ichonge, pita kwina, ndipo pa malipiro achisanu ndi chinayi ikanasowa chonena chimodzimodzi. Mukayilola kukonzanso pulani ikakanika, mwangosamutsira kuzungulira kuja pa mlingo wapamwamba, tsopano ikuzungulira polemba mapulani. Kwinaku ndi kulemba pulaniyo inuyo mu khodi, modelo nkumangoyitanidwa pomwe pakufunika kuganiza. Apa ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa nditakhala pansi ndinaona kuti malipiro 11 mwa 12 sankafuna modelo nkomwe. Kuchotsa mipata, kutenga manambala 9 omaliza a foni, kufananiza ndi ndalama, basi, lupu ya `for` wamba imachita zimenezo mwaulere ndipo siyisochera. Ndi kukonza kumeneku ngakhale wachisanu ndi chinayi uja akanapezeka. Mtengo wake ndi woti khodi yokhazikika imangodziwa zomwe munaganizira, munthu akalipira pa foni ya mkazi wake kapena kulipira mainvoisi awiri pakamodzi imangoti kakasi. Pamenepo mpomwe ejenti ili ndi ntchito yeniyeni.

Yachisanu ndi chimodzi ndi kuchepetsa zida ndi kuyika munthu pakhomo. Iyi siyiletsa kusochera, imachepetsa zomwe zingawonongeke posocherapo. Ejenti yokhala ndi zida zowerenga zokha ikazungulira mwataya matokeni, yokhala ndi `create_invoice` ikazungulira mwataya kasitomala. Chida chomwe palibe sichingaitanidwe, ndipo ili ndi lamulo lolimba kuposa pulompti iliyonse yoti chonde usapange mainvoisi. Kufunsa munthu asanalembe kalikonse kumamveka kotetezeka, koma ndinaona mnzanga uja atayesa sabata imodzi, kuvomereza kakhumi ndi kawiri madzulo aliwonse, pofika Lachinayi ankangodina eya osawerenga, diso lili pa kasitomala amene akufuna misomali. Chilolezo chofunsidwa pafupipafupi chimasanduka mwambo. Chisungireni zochepa zomwe sizibwezeka, kutumiza uthenga, kusuntha ndalama, kufufuta.

Yomaliza ndi yomwe ndimayikonda, ndipo ili pawiri: khomo lotulukira, ndi woyesa wakunja. Khomo ndi chida chomwe ndinachitcha `flag_for_review`, chimalandira nambala ya malipiro ndi chifukwa, nkuwayika pambali kuti munthu awaone. Ntchito ndinayilembanso kuti malipiro aliwonse athere mwina pofananizidwa mwina poyikidwa pambali ndi chifukwa, zonse ziwiri ndi kumaliza kwabwino. Zikumveka zazing'ono koma zimasintha khalidwe kwambiri, chifukwa kulephera tsopano kuli ndi njira yake yovomerezeka, modelo siyifunikanso kupeka chipambano. Ndinakonzanso mayankho a `find_invoice`, m'malo mwa `[]` imanena kuti palibe invoisi ya nambalayi, kusaka kumagwiritsa manambala 9 omaliza kotero kusintha kalembedwe sikuthandiza. Chiganizo chimodzicho chimapha masitepe angapo oyesa 265 ndi 0. Woyesa wakunja ndiye khodi yomwe imayenda modelo ikati yamaliza, osakhulupirira lipoti lake. Imaona ngati ndalama za invoisi yosankhidwa zikufanana ndi zolipidwa, ngati invoisiyo inalipo malipiro asanalowe, ngati sinachongedwe kale. Funso lachiwirilo likanagwira bodza la sitepe 41 pompopompo. Kuopsa kwa khomo ndi ulesi, modelo ina imatha kumangoyika pambali chilichonse chovuta pang'ono, nde muziyang'ana kuti zoyikidwa pambali zikuchuluka bwanji, komanso muzifuna kuti chifukwa chitchule zomwe yayesa. Kuopsa kwa woyesa nkoti ejenti ikakhala ndi mphamvu yomusintha imamusintha, omwe amagwiritsa maejenti olemba khodi akudziwa za tesiti yolephera yomwe imapezeka yafufutidwa kapena yalumphidwa nkulengezedwa kuti zonse zadutsa. Woyesa akhale pomwe zida za ejenti sizifika.

Nde mukandifunsa kuti ndisankhe iti, yankho langa limadalira chomwe mukuopa. Ngati mukuopa bilu, bajeti ya matokeni ndi fyuzi ya masitepe, ziwirizi ziyikeni nthawi zonse poti ndi mizere yochepa, koma musaganize kuti mwathetsa kusochera. Ngati mukuopa kuwonongeka kwa data kapena kuchita manyazi kwa makasitomala, chotsani zida zolemba, palibe china chofika pamenepo. Ngati mukuopa lipoti labodza loti zatheka, lomwe kwa ine ndi loopsa kuposa lupu yosatha chifukwa lupu yosatha mumayiona pomwe bodza limadutsa mwakachetechete, pamafunika woyesa ndi khomo. Muyeso wa kusuntha ndi wabwino kuposa fyuzi paliponse pomwe muli ndi chowerenga. Pulani yolemba modelo yokha ndingayiike kumapeto pamodzi ndi kuchonderera mu pulompti, zothandiza koma zosadalirika.

Mmene zilili pano pa shopu paja, khodi wamba imayamba, imafananiza zonse zoonekeratu. Zotsala, zomwe masiku ambiri zimakhala chimodzi kapena ziwiri, chilichonse chimapita kwa ejenti pachokha ndi zokambirana zatsopano, kotero zolephera za malipiro ena sizidetsa maganizo a ena ndipo matokeni sakwera ngati kale. Ejentiyo ili ndi `find_invoice`, `propose_match` ndi `flag_for_review` basi, masitepe 6 pa malipiro aliwonse, ikagunda malire khodi imayika yokha malipirowo pambali. `mark_paid` imayitanidwa ndi khodi pambuyo poti woyesa wavomera, modelo siyikhudzanso. Sabata yatha kunabwera munthu amene analipira mainvoisi awiri ndi ndalama imodzi kuchokera pa foni ya mlamu wake. Ejenti inasaka katatu, inapeza mainvoisi awiri a kasitomala mmodzi omwe akaphatikizidwa amakwana ndalamayo ndendende, koma poti nambala ya foni sinagwirizane inawayika pambali nkulemba manambala a mainvoisi onse awiri ndi chifukwa chake. Mnzanga anayimbira kasitomalayo, anavomera kuti ndi iyeyo, nkuchonga pamanja.